Webusaiti Ikutseguka pa Laputopu Yanu, Koma kwa Mnzanu Ikukana

Tiyerekeze kuti mwapanga kawebusaiti kolembamo katundu wa mu ofesi pogwiritsa ntchito Django. Mwakayatsa pa laputopu yanu, mwalemba `localhost:8000` mu burawuza, ndipo tsamba latseguka bwinobwino. Mnzanu amene wakhala tebulo loyandikana nanu, pa wayifayi yomweyo, walemba zomwezo koma palibe chatuluka. Ambiri zikatere amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsa rauta. Nthawi zambiri rautayo imakhala ilibe mlandu.

Vuto loyamba lili pa adiresi imene mwamupatsayo. Dzina lakuti `localhost` limaimira nambala `127.0.0.1`, ndipo kompyuta iliyonse imamva nambala imeneyi kuti ikutanthauza iyo yomwe. Zili ngati kuuza wa kabaza kuti apereke katundu "kwathu": aliyense wonena mawuwa amatanthauza nyumba yake. Mnzanuyo akalemba `localhost:8000`, pempho lake silituluka n'komwe mu kompyuta yake. Limazungulira momwemo, kufunafuna seva imene kulibe.

Iye akufunika adiresi imene rauta yapatsa laputopu yanu. Pa Windows mumaipeza potsegula Command Prompt ndi kulemba `ipconfig`, kenako n'kuyang'ana mzere wa IPv4 Address pansi pa gawo la wayifayi. Tinene kuti mwapeza `192.168.1.23`. Ndiye kuti mnzanu alembe `http://192.168.1.23:8000`, osaiwala nambala ya kumapetoyo, imene imatchedwa poti. Akaisiya, burawuza imapita yokha pa poti 80, pomwe palibe chimene chikudikira.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera, chifukwa adiresi ikhoza kukhala yolondola tsamba n'kukanabe. Pulogalamu ya seva ikamayamba, imauza kompyuta adiresi imene izimvetsera. Django, mukaiyatsa ndi `python manage.py runserver` basi, imamvetsera pa `127.0.0.1` pokha. Flask nayo imachita chimodzimodzi pa poti 5000. Choncho pempho lochokera kwa mnzanu limafikadi pa laputopu yanu kudzera pa wayifayi, koma limapeza kuti pa `192.168.1.23:8000` palibe pulogalamu imene ikuliyembekezera. Sevayo ili moyo, koma ikuyankha okhawo amene akuifunsa kuchokera m'makina momwemo.

Opanga mapulogalamuwa anachita dala, ndipo ine ndikuona kuti anaganiza bwino. Webusaiti imene ikupangidwa imakhala ndi ziboo zambiri, ndipo ikalakwitsa imaonetsa zamkati mwake zambiri pa sikirini. Si chinthu choti aliyense amene mwakumana naye pa wayifayi ya pa sukulu kapena ya ku hotela azichiona inu musakudziwa.

Simufunika kulota ngati vuto ndi limeneli. Seva ili chiyakire, lembani izi pa Windows:

```
netstat -ano | findstr :8000
```

Mukaona `127.0.0.1:8000` pa mzere umene uli ndi mawu akuti LISTENING, mwaupeza mutu wa nkhani. Njira ina yachidule ndi yolemba `http://192.168.1.23:8000` pa laputopu yanu yomweyo. Ngati `localhost` ikutseguka koma adiresi iyi ikukana muli pa makina omwewo, musavutike ndi rauta, sevayo ndiyo sikumvetsera kunja. Izimitseni, muiyatsenso motere:

```
python manage.py runserver 0.0.0.0:8000
```

Nambala ya `0.0.0.0` ikuuza seva kuti ilandire mapempho pa maadiresi onse amene laputopuyo ili nawo. Ndi malangizo opita kwa seva, si adiresi yopatsa mnzanu. Iye alembebe `192.168.1.23` ija. Wogwiritsa ntchito Flask alembe `flask run --host=0.0.0.0`.

Mukatero, mnzanu akhoza kuona tsamba la uthenga wakuti DisallowedHost. Musakhumudwe nawo, chifukwa ukusonyeza kuti pempho lake ladutsa njira yonse mpaka kufika kwa Django. Chatsala n'chakuti Django ili ndi mndandanda wa mayina amene imalola, wotchedwa `ALLOWED_HOSTS`, mu fayilo ya `settings.py`. Mndandandawo ukakhala wopanda kanthu pa nthawi yoyeserera, imangolola mayina a m'makina momwemo. Onjezanimo `192.168.1.23` pamodzi ndi `localhost`, tsamba litseguka.

Nanga ngati `netstat` ikuonetsa kale `0.0.0.0:8000`, adiresi ya `192.168.1.23` ikutseguka kwa inu, koma kwa mnzanu burawuza ikungozungulira mpaka kulemba ERR_CONNECTION_TIMED_OUT? Pamenepo kayikirani chitetezo cha Windows chotchinga mapempho olowa, chimene pa sikirini chimalembedwa kuti Windows Defender Firewall. Chimalola laputopu yanu kufunsa zinthu kunja ndi kulandira mayankho, koma pempho loyambira kunja chimalitaya mwakachetechete pokhapokha pali lamulo lolilola. Tsiku loyamba kuyatsa seva yomvetsera kunja, Windows imatulutsa kabokosi kofunsa ngati mukulola Python kulandira mapempho. Anthu ambiri amakatseka mofulumira osawerenga, ndipo funsolo silibweranso.

Palinso msampha wina pomwepa. Windows imagawa manetiweki kukhala a Private ndi a Public, ndipo chilolezo choperekedwa ku mtundu umodzi sichigwira ntchito ku mtundu winawo. Mukhoza kukhala kuti munalola Python pa Private, chonsecho wayifayi ya mu ofesi inalembedwa kuti ndi Public. Ngati ndi netiweki imene mumaikhulupirira, isintheni ikhale Private, kapena ikani lamulo lotsegula poti 8000 yokha. Kuzimitsiratu chitetezo chonse, monga ena amalangizira, n'kutsegula zambiri chifukwa cha poti imodzi, ndipo kawirikawiri munthu amaiwala kuchiyatsanso. Musadalirenso kwambiri `ping` poyesa: makompyuta ambiri a Windows sayankha `ping` ngakhale njira ili bwino.

Zonsezi zikalephera, funsani ngati mulidi pa netiweki imodzi. Mnzanu nayenso alembe `ipconfig`. Ngati wapeza `192.168.1.40`, m'maofesi ang'onoang'ono ambiri ndiye kuti muli limodzi, popeza zigawo zitatu zoyambirira zikufanana. Akapeza `192.168.0.15`, mwina ali pa rauta ina ngakhale nonse mukulowa pa intaneti bwinobwino. Ndipo ngakhale manambala afanane, marauta ambiri, makamaka pa wayifayi ya alendo, amaletsa makina olumikizidwa kuyankhulana okhaokha. M'makonzedwe a rauta zimenezi zimalembedwa kuti AP Isolation kapena Client Isolation. Kuti mudziwe, yatsani hotisipoti pa foni, nonse mulumikizepo, muonenso adiresi yatsopano ya laputopu ndi kuionjeza mu `ALLOWED_HOSTS`, kenako muyese. Pa netiweki yatsopanoyi Windows ikhoza kuyikanso Public, choncho yang'ananiponso. Ikatseguka pamenepo, chotchinga chili mu rauta ya ofesi, ndipo wokhoza kuchichotsa ndi amene amaisamalira.

Dziwaninso kuti `192.168.1.23` si yanu mpaka kalekale. Rauta imangokubwerekani, ndipo mawa ikhoza kukupatsani `192.168.1.31`. Mnzanu akadandaula kuti zimene zimatseguka dzulo lero zakana, yambani mwalembanso `ipconfig`. Ngati webusaitiyo izigwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, pemphani wosamalira rauta kuti asungire makinawo adiresi yosasintha, ndipo muisamutsire pa seva yopangidwira ntchito yeniyeni, chifukwa eni ake a Django amachenjeza kuti `runserver` ndi yoyeserera chabe.