Seva ikakayikitsa, musathamangire kuizimitsa

Kompyuta ikayamba kuchita zachilendo, ambiri a ife timaizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo nthawi zambiri imachira. Koma ngati kompyutayo ndi seva, makina aakulu aja amene amasunga webusayiti ya kampani kapena maakaunti a makasitomala, ndipo mukuganiza kuti munthu walowamo mwakuba, kuzimitsako kumafufuta umboni umene simudzaupezanso kwina kulikonse.

Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imasunga zinthu pawiri. Diski ili ngati kaundula wolembedwa ndi inki, pomwe memori ili ngati bolodi la m'kalasi limene limafufutidwa magetsi akangoduka. Pa bolodipo ndi pamene pamalembedwa zonse zimene zikuchitika panopa: mapulogalamu amene akuyenda, amene anawayambitsa, makompyuta akunja amene akulankhula nawo, ngakhale makiyi otsegulira mafayilo okhomedwa. N'chifukwa chake malangizo a RFC 3227, amene anatuluka mu 2002, amati potolera umboni muziyamba ndi zimene zimatha msanga. Memori imabwera patsogolo pa diski.

Tiyerekeze kampani ina ili ndi seva ya Ubuntu 22.04 yokhala ndi memori ya magigabayiti 16. Webusayiti yayamba kuchedwa, mafani akulira usiku wonse, ndipo pulosesa ikugwira ntchito mpaka pamapeto pa mphamvu zake. Woyang'anira seva walemba `ps` ndi `top`, malamulo oonetsa mapulogalamu amene akuyenda, koma palibe chachilendo chimene chikuoneka. Makina akutopa, chowatopetsa sichikupezeka.

Zoterezi zimadziwika. Pali pulogalamu yoipa yotchedwa Kinsing, imene akatswiri a chitetezo anailemba kwambiri mu 2020. Imalowa pa maseva a Linux osatetezedwa bwino n'kuikamo kapulogalamu kokumba ndalama ya pa intaneti ya Monero ndi mphamvu za makina a eni ake. Mitundu ina ya Kinsing imalemba dzina la fayilo yake mu `/etc/ld.so.preload`, ndipo zikatero mapulogalamu ambiri a pa seva amayamba kaye anyamula fayiloyo. Fayiloyo imasefa mayankho, n'kuchotsa mayina a wakubayo pa mndandanda. Choncho `ps` sakuwonongeka, akungopatsidwa mndandanda wochotsedwa kale mizere. Apa m'pamene pagona nkhani yonse: seva yolowedwa simungaikhulupirire pa zimene ikunena za iyo yokha. Muyenera kutenga memori yake yonse n'kukaiwerengera pa kompyuta ina yoyera.

Musanakhudze chilichonse, lembani m'kope nthawi, dzina lanu, ndi lamulo lililonse limene mulembe pa seva. Onetsetsaninso kuti seva ili pa batire kapena jenereta, poti kwathu kuno magetsi atha kuzima muli pakati pa ntchito. Funso lovuta ndi la chingwe cha netiweki. Ngati mukuona kuti zinsinsi za makasitomala zikutuluka panopa, dulani netiweki mosazengereza. Koma ngati vuto likuoneka ngati lokumba ndalama chabe, ine ndingasankhe kujambula kaye memori, chifukwa chingwe chikachoka kulumikizana kuja kumayamba kutha, ndipo n'kumene kukanakuuzani kumene wakubayo akutumiza zinthu.

Zida zojambulira memori ya Linux zodziwika kwambiri ndi ziwiri. LiME imalowa mkati mwa kenelo, phata la Linux limene limayendetsa makina onse, ndipo iyenera kukonzedwera kenelo yeniyeni imene ili pa sevayo. Kukonzako kuchitikire pa kompyuta ina, chifukwa kukonzera pa seva yokayikitsa kumalemba mafayilo ambiri pa diski ndi m'memori momwe mukufuna kusungamo. AVML, yopangidwa ndi Microsoft, ndi fayilo imodzi yodziimira payokha, yosadalira mafayilo othandizira a pa seva, choncho msampha wa `/etc/ld.so.preload` suigwira. Imaikidwa pa diski yakunja yokhala ndi malo opitirira kukula kwa memori, ndipo chithunzicho chimalembedwa pomwepo:

```
sudo /mnt/usb/avml /mnt/usb/seva.lime
sudo sha256sum /mnt/usb/seva.lime
```

Musalembe chithunzicho pa diski ya seva, chifukwa magigabayiti 16 amenewo akhoza kukwirira mafayilo amene wakuba anafufuta koma akanatha kubwezedwa. Pa diski yolemba mamegabayiti 100 pa sekondi, ntchitoyi imatenga pafupifupi mphindi zitatu. Fayilo yotuluka iyenera kukhala yofanana kukula ndi memori kapena kuyandikira. Ikatuluka ya magigabayiti awiri okha pomwe simunaipanikize, china chalakwika, ndipo bwerezani seva ikadali yoyaka. Lamulo lachiwiri lija limatulutsa nambala yaitali imene imasintha fayilo ikangosintha ngakhale pang'ono. Ilembedwe m'kope, ndipo ndi bwino kuiwerengeranso pa kompyuta yoyera. Ndi imene idzatsimikizire, mwina ngakhale kukhoti, kuti fayilo sinasinthidwe kuchokera tsikulo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza. Choyamba, ngati seva inayatsidwa ndi Secure Boot, kenelo imatha kutseka zitseko zimene AVML imadzera, monga `/proc/kcore` ndi `/dev/mem`, ndipo imakananso LiME yosasainidwa. Chachiwiri n'chobisika. M'mphindi zitatu zija seva sinaime. Zimene zinajambulidwa koyambirira ndi zimene zinajambulidwa kumapeto si za nthawi imodzi, choncho mbali ina ya chithunzi ikhoza kuloza malo amene pofika nthawi yojambulidwa anali atalembedwamo zina. Zotsatira zake ndi mindandanda yoduka kapena mayina osawerengeka, ndipo seva ikakhala yotanganidwa kwambiri vutoli limakula. Amene seva yawo ndi yongoyerekeza, yoyenda mkati mwa pulogalamu ngati VMware, ali ndi mwayi: akhoza kuiimitsa kaye kuchokera kunja n'kutenga fayilo ya `.vmem` ndi inzake ya `.vmss`, memori itaima chilili ndipo wakuba osadziwa kanthu.

Tsopano chithunzi chafika pa kompyuta yoyera, ndipo mukugwirira ntchito pa kope lake, choyambirira chitasungidwa. Volatility ndi pulogalamu yaulere imene inayamba kudziwika mu 2007, ndipo mtundu wake wa masiku ano, Volatility 3, unalembedwa mu Python 3. Imadutsa m'chithunzi n'kumanganso mindandanda imene kenelo inali nayo. Koma kuti itero iyenera kudziwa mmene kenelo imeneyo inayalira zinthu zake, ndipo kayalidweko kamasiyana kenelo ndi kenelo. Apa ndi pamene oyamba kumene ambiri amagwa ulesi. Yambani ndi kufunsa kuti kenelo yake ndi iti:

```
vol -f seva.lime banners.Banners
```

Tinene kuti yayankha kuti `5.15.0-91-generic`. Mufunika fayilo ya kenelo yomweyo yokhala ndi zizindikiro zonse, imene Ubuntu imapereka padera m'maphukusi a `dbgsym`. Chida cha `dwarf2json` chimaisandutsa fayilo imene Volatility imawerenga:

```
dwarf2json linux --elf vmlinux-5.15.0-91-generic > ubuntu.json
```

Fayiloyi iikidwe mu foda ya `symbols/linux`. Kuyandikira sikuthandiza: ya 92 siigwira pa 91. Mukaona uthenga woyamba ndi `Unsatisfied requirement`, kawirikawiri vuto limakhala limeneli, chithunzi chili bwinobwino.

Zikagwirizana, funso loyamba n'lomwe `ps` analephera kuyankha:

```
vol -f seva.lime linux.pslist.PsList
```

Pa mizere yambirimbiri, iyi ndi imene ikufunika, titachotsa madanga ena:

```
PID    PPID   COMM
2      0      kthreadd
26     2      kdevtmpfs
4102   1      kinsing
4127   4102   kdevtmpfsi
```

Pulogalamu iliyonse yoyenda ili ndi nambala yake, `PID`, ndi nambala ya kholo limene linaiyambitsa, `PPID`. `kdevtmpfs` ndi mbali yeniyeni ya kenelo, ndipo monga zinzake zonse za mtunduwu, kholo lake ndi `kthreadd`, nambala 2. `kdevtmpfsi` yangowonjezera chilembo chimodzi kuti diso lothamanga lidutse. Koma kholo lake ndi 4102. Dzina aliyense angathe kulisankha, pomwe kholo limalembedwa ndi kenelo. Mizere iwiri yomalizayo sinaoneke pa seva, ndipo kusiyana kumeneku pakokha ndi umboni wakuti pali chinachake chobisa.

Kenako `linux.psaux.PsAux` imaonetsa lamulo lonse limene linayambitsa pulogalamuyo. Za kenelo zenizeni zimaoneka m'mabulaketi popanda fayilo, pomwe iyi ikuloza ku `/tmp/kdevtmpfsi`, foda imene aliyense angalembemo. `linux.sockstat.Sockstat` imaonetsa kuti 4127 yalumikizana ndi adiresi yakunja, ndipo adiresiyo ndi yofunika kwambiri, chifukwa mukaifufuza m'zolemba za netiweki ya kampani mudziwa ngati pali makina ena amene akulankhula nayo. Pulogalamuyo mungathenso kuitulutsa m'memori, ngakhale fayilo yake itafufutidwa pa diski:

```
vol -f seva.lime linux.pslist.PsList --pid 4127 --dump
```

Musaiyendetse. Iwerengereni `sha256sum` n'kuyerekeza ndi nambala za mapulogalamu oipa odziwika, mukukumbukira kuti chotuluka m'memori sichifanana nthawi zonse ndi fayilo yoyambirira, choncho nambala zikasiyana sizikutanthauza kuti n'chosalakwa.

Chenjezo lina n'lofunika. `PsList` imatsatira mndandanda wa kenelo, ndipo wakuba amene walowa mu kenelo momwemo akhoza kudzichotsa pa mndandandawo. `linux.psscan.PsScan` siitsatira mndandanda, imasakasaka m'memori monse chilichonse chooneka ngati pulogalamu. Chimene chapezeka m'menemu koma osapezeka mu `PsList` chiyenera kuyang'anitsitsidwa, koma musafulumire kugamula, poti mapulogalamu amene anatha kale bwinobwino amasiyanso zotsalira zotere. Chimodzimodzi `linux.bash.Bash`, imene imatulutsa malamulo amene munthu analemba: ikabwera yopanda kanthu, sizitanthauza kuti palibe analowa. Kinsing imafala yokha, popanda munthu wokhala pa kiyibodi, ndipo malamulo okha amene mungawapeze mwina ndi a woyang'anira seva uja. Kope lanu lija ndi limene lidzasiyanitse zake ndi za wakuba.

Chithunzi cha memori chimanena zimene zinalipo m'mphindi zitatu zija. Kawirikawiri sichinena tsiku limene wakuba analowa koyamba kapena khomo limene anadzera. Zimenezo zimafunika chithunzi cha diski, zolemba za seva, ndi ndandanda ya `cron`, mmene Kinsing imaika lamulo lodzibwezera ikachotsedwa. Choncho memori ikatsimikizika kuti yajambulidwa bwino, seva idulidwe pa netiweki, diski ijambulidwe, ndipo makinawo amangidwenso kuyambira pachiyambi. Fayilo ya `seva.lime` isungidwe yokhomedwa, kwa anthu ochepa odziwika, chifukwa muli mapasiwedi ndi makiyi amene ankagwira ntchito pa nthawiyo, ndipo onsewo ayenera kusinthidwa seva yatsopano isanayatsidwe.