Osaka manambala awiri pa chithunzi cha invoisi

Mwezi ukatha, mafoni a achinyamata ena ku Kanyama, Matero ndi Chawama amadzaza ndi zithunzi za mapepala. Otumiza ndi eni mashopu a simenti ndi malata, ogulitsa zakumwa zopikulitsa ndi makontrakitala ang'onoang'ono, anthu amene analembetsa msonkho wa VAT koma sangakwanitse kulemba ntchito akauntanti wokhazikika. Amajambula invoisi iliyonse imene analandira pogula katundu ku Kamwala kapena m'mafakitale a ku Chinika, n'kuitumiza pa WhatsApp kwa kalaliki wawo. Ambiri mwa makalaliki amenewa akuwerengabe maphunziro a ZICA kapena anadutsa pa Evelyn Hone. Ena amagwirira ntchito m'timashopu tojambulitsa mapepala, ena pakhomo pomwe, laputopu ili pamiyendo, akuthamangitsana ndi magetsi asanazime. Kalaliki mmodzi amatha kusunga mabuku a mashopu angapo nthawi imodzi.

Pa invoisi pamalembedwa zambiri, koma kalaliki amayamba ndi manambala awiri: TPIN ya wogulitsa ndi nambala ya invoisiyo. Chifukwa chake ndi ndalama. VAT ku Zambia ndi 16 pa 100 iliyonse, ndipo wamalonda wolembetsedwa amachotsa VAT imene analipira pogula pa imene anatolera pogulitsa. Akamapereka lipoti la mwezi ku ZRA kudzera pa TaxOnline, ayenera kusonyeza kuti anagula kwa ndani komanso pa invoisi iti. Nambala imodzi ikalakwika, zimene wanena wogula sizigwirizana ndi zimene wanena wogulitsa, ndipo ndalama ija ikhoza kukanidwa.

TPIN ili ndi ubwino woti maonekedwe ake sasintha: manambala 10 otsatana, popanda chilembo, mpata kapena kamzere. Chimene chimavuta n'choti siili yokha papepalapo. Nambala ya foni ya m'manja ku Zambia nayo ili ndi manambala 10, ndipo pamutu pa invoisi ziwirizi zimakonda kukhala moyandikana. Kalaliki wozolowera amayang'ana poyambira. Ma TPIN amene amawaona tsiku ndi tsiku amayamba ndi 1 kapena 2, pomwe foni imayamba ndi ziro. Nambala ya chitupa cha NRC sisokoneza kwenikweni, chifukwa ili ndi timizere tiwiri topendekera. Chosokoneza kwambiri n'chakuti invoisi ya msonkho imakhala ndi ma TPIN awiri, ya wogulitsa pamwamba ndi ya wogula munsi mwa dzina lake, ndipo onse awiri amaoneka olondola.

Tiyerekeze kuti mwini shopu ku Kanyama wagula simenti ya K5,000, VAT yake K800, zonse pamodzi K5,800. Wajambula invoisi madzulo, pepala lili pa thumba la simenti, mthunzi wa foni ukudutsa pakati. Kalaliki amayamba ndi kudula chithunzicho kuti patsale pepala lokha, amachiwongola, n'kuchichotsa mtundu kuti zilembo zide bwino. Kenako amachipereka ku pulogalamu yowerenga zilembo pa zithunzi. Ambiri amagwiritsa ntchito Google Lens ya pa foni, ndipo odziwa kompyuta amakhala ndi Tesseract, imene ndi yaulere. Pulogalamu ija yatulutsa `TPIN: 1OO12345B7`, nambala yongopeka ya chitsanzo chathu. Ukangoyang'ana mothamanga zimaoneka bwino, koma paziro pawiri paikidwa chilembo O, ndipo 8 yasanduka B. Zolakwika za mtundu umenewu n'zodziwika: O ndi 0, B ndi 8, S ndi 5, l ndi 1.

Kalaliki amaika nambalayo mu Excel, m'danga limene walikonzeratu kuti lisunge zinthu ngati mawu. Akalisiya ngati la manambala, Excel imameza ziro woyamba, ndipo nambala ya foni imene yalowa molakwika imabisa chizindikiro chake. Pambali pake amalemba:

```
=AND(LEN(B2)=10, ISNUMBER(--B2), LEFT(B2,1)<>"0")
```

Mzerewu ukufunsa ngati zilembo zilipo 10, ngati zikupanga nambala, ndiponso ngati sizikuyamba ndi ziro. Pa chitsanzo chathu yankho ndi `FALSE`, ndipo kalaliki amabwerera ku chithunzi, kuchikulitsa, n'kukonza kuti pakhale 1001234587. Sasintha B kukhala 8 asanaone, chifukwa B yemweyo akhoza kukhala 3 amene wadetsedwa ndi inki ya chidindo.

Mzere umenewu ukanena `TRUE`, wangotsimikiza kuti nambala ili ndi maonekedwe a TPIN, basi. Pulogalamu ikawerenga 7 pomwe pali 1, manambala amakhalabe 10 ndipo cholakwikacho chimadutsa. Ikatola TPIN ya wogula m'malo mwa ya wogulitsa, nayo imadutsa. N'chifukwa chake makalaliki osamala amasunga kaundula wa onse amene kasitomala wawo amagulako, dzina ndi TPIN yake, ndipo nambala iliyonse yatsopano amaiyerekeza ndi kaundulayo. TPIN ya kasitomala mwiniwake amailemba padera kuti ikangopezeka m'danga la ogulitsa, aikane nthawi yomweyo. Kwa ine, kaundulayu ndi amene amasiyanitsa kalaliki weniweni ndi wongokopera, ngakhale mabwana ambiri saona n'komwe kuti alipo.

Nambala ya invoisi ndiye yovuta mwa njira ina, chifukwa m'mabuku osindikiza wogulitsa aliyense ali ndi kalembedwe kake. Wina amangolemba 0457 ndi inki yofiira pakona, wina amayamba ndi zilembo, wina amaphatikiza chaka. Papepala lomwelo pamakhalanso nambala ya oda ndi ya kalata yoperekera katundu. Apa kusintha O kukhala 0 mwachisawawa n'koopsa, popeza chilembocho chikhoza kukhala chenicheni. Kalaliki amayang'ana mainvoisi akale a wogulitsa yemweyo: ngati ya sabata yatha inali 0441, ya lero 0457 ikumveka, koma 6457 ikutanthauza kuti ziro wawerengedwa ngati 6. Amafufuzanso ngati invoisi yalowa kawiri, zomwe zimachitika kawirikawiri bwana akatumiza chithunzi lero, mkazi wake n'kutumizanso cha kope la kaboni mawa:

```
=COUNTIFS(B:B,B2,C:C,C2)>1
```

Amaphatikiza TPIN ndi nambala ya invoisi chifukwa mashopu awiri osiyana akhoza kukhala ndi invoisi 0457 onse.

Kuyambira pa 1 Julayi 2024, ZRA inalamula kuti olembetsa VAT azitulutsa mainvoisi kudzera mu Smart Invoice, imene inalowa m'malo mwa timakina takale ta EFD. Invoisi yotere imafika ku ZRA pamene ikupangidwa, ndipo imakhala ndi kachizindikiro ka QR kamene munthu angakaloze ndi foni kuti aone ngati ili yoona. Ntchito ya kalaliki yapepukako pamenepa, koma chithunzi chikadali chithunzi. Ambiri mwa mainvoisi amenewa amasindikizidwa pa pepala lopyapyala la malisiti, limene limafufuma likakhala padzuwa kapena m'thumba la thalauza, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi mpaka timadontho ta QR tisawerengeke. Pamakhalanso manambala awiri amene angatchedwe a invoisi, ya m'makina a shopu ndi imene yabwera kuchokera ku ZRA, choncho kalaliki amasunga iliyonse m'danga lake.

Pempho limene makalaliki amabwereza kwa mabwana awo mwezi ndi mwezi n'limodzi: ajambule invoisi tsiku lomwe ailandira, masana, pepala litayalidwa patebulo, ndipo aitumize ngati `Document` kuti isachepetsedwe. Zimene zafika zosawerengeka, kalaliki amakwera minibasi kukatenga pepala lenilenilo kushopu, ndipo likakhala litafufuma amapempha wogulitsa kuti asindikize lina.