Tsiku limene Newton analumpha ndi mphepo

M'chaka cha 1658, m'masiku omwe mtsogoleri Oliver Cromwell anamwalira, ku England kunawomba chimphepo chozula mitengo. Isaac Newton anali mnyamata wa zaka 15, wophunzira pa sukulu ya ku Grantham. Anafuna kudziwa mphamvu ya mphepoyo, koma chida choyezera analibe.

Ndiye anadziyesa chida iye mwini. Analumpha mphepo ikumukankha kumsana, n'kuona pomwe wafika. Kenaka anatembenuka, nalumpha molimbana nayo. Poyerekeza mitunda iwiriyi ndi mtunda umene ankalumpha kunja kuli bata, anapeza muyeso wa mphamvu ya mphepoyo.

Nkhaniyi anaifotokoza yekha atakalamba, ndipo John Conduitt, mwamuna wa mwana wa mlongo wake, anailemba. N'chifukwa chake ndi yoyenera kusimbira ana popanda kuithira mchere. Wosimba asamuikire Newton mawu m'kamwa kapena kumupangira anzake omuseka, pakuti zolembedwazo sizitchula zimenezo. M'malo mwake, tsiku la mphepo atulutse anawo pabwalo, alembe mzere pansi, alumphe mbali zonse ziwiri, kenaka ayeze kusiyana kwake ndi chingwe.