Timawindo Tosokoneza Msakatuli Wodziyendetsa Wokha

Akatswiri amalemba mapulogalamu oyendetsa msakatuli popanda munthu, poyesa ngati tsamba la pa intaneti likugwira ntchito. Selenium ndi chida chotchuka pa ntchitoyi. Chimene chimaimitsa pulogalamu yotere kawirikawiri ndi kawindo kotulukira mwadzidzidzi.

Chikwangwani chopempha chilolezo cha makuki chinafala kwambiri lamulo la ku Ulaya la GDPR litayamba kugwira ntchito mu 2018. Ichi ndi mbali ya tsamba lenilenilo, ndipo chimaphimba batani limene pulogalamu ikufuna kudina. Mumazindikira vutoli poona uthenga wa `ElementClickInterceptedException`. Mankhwala ake n'kuuza pulogalamu idikire chikwangwanicho, mwina masekondi 5, idine batani lokana kapena lovomera, kenako ipitirize. Chikapanda kubwera isafe nazo mtima, chifukwa ena sachionetsa m'mayiko onse. Nthawi zina chimabisala mu `iframe`, moti pulogalamu sichiona mpaka italowamo kaye.

Kawindo ka chenjezo n'kosiyana. Amakatulutsa ndi msakatuli mwiniwake, choncho kukafunafuna pakati pa zinthu za patsamba n'kutaya nthawi. Kakatseguka zonse zimaima, ndipo lamulo lotsatira limabweza `UnexpectedAlertPresentException`. Mu Python mumakayankha chonchi:

```python
driver.switch_to.alert.accept()
```

Koma kuvomera chilichonse mwachimbulimbuli, ine sindigwirizana nako. Kawindo kangakhale kakufunsa ngati mukufunadi kufufuta akaunti. Pulogalamu iyambe yawerenga mawuwo ndi `.text`, ndipo akakhala osayembekezeka ikane ndi `dismiss()`.