Mlongo wanu watumiza ndalama kuchokera ku Joni: kodi Remittance pa lisiti ndi chiyani?

Kumapeto kwa mwezi, pamizere ya Mukuru ndi Western Union ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Limbe, anthu ambiri amakhala atagwira foni yomwe ili ndi chithunzi cha lisiti. Mwana kapena mlongo amene ali ku South Africa wachitumiza pa WhatsApp ngati umboni woti ndalama zanyamuka. Pamwamba pa lisitiyo, kapena pambali pa chiwerengero china, pamalembedwa mawu akuti Remittance. Ena amaganiza kuti ndi msonkho, ena amati ndi ndalama imene kampani yadula. Zonsezi si zoona, ndipo kusamvetsaku kwayambanitsa anthu apachibale popanda wolakwa.

Remittance ndi ndalama yotumizidwa. Ndi dzina la ndalama imene munthu wapereka kuti ikafike kwa wina amene ali kutali, makamaka ya munthu wogwira ntchito kunja yopita kwawo. Pa lisiti, mawuwa amagwira ntchito ziwiri. Akakhala pamwamba ngati mutu, akungonena mtundu wa ntchito imene yachitika, kuti uku ndi kutumiza ndalama, osati kugula katundu kapena kubweza ngongole. Akakhala pambali pa chiwerengero, monga Remittance amount, akunena ndalama yeniyeni imene ikupita kwa wolandira, malipiro a kampani atachotsedwa kale. Makampani ena amalemba Send amount pamalo omwewo. Wotumiza amalembedwa kuti Remitter kapena Sender, wolandira kuti Beneficiary kapena Receiver.

Chinthuchi si chachilendo kwathu kuno. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, kenako ku Theba, ankasungiridwa gawo la malipiro awo kuti adzalandire atabwerera kumudzi. Masiku ano ndalama imafika m'mphindi zochepa, koma panjira imadulidwa, ndipo lisiti ndiyo imaonetsa pamene yadulidwa.

Tiyerekeze ndi ziwerengero zongopeka kuti tione bwino. Mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg waimbira mayi ake kuti watumiza 1,000 randi ya feteleza. Mayiwo sangathe kuyenda mtunda, choncho dzina lolandirira ndi la mchemwali wa mnyamatayo. Mayi amva kwa anthu kuti randi imodzi ikusinthidwa pa K95, ndiye awerengera kuti kubwera K95,000. Mchemwali uja wabwera ndi K86,450. Pasowa K8,550, ndipo pakhomo payamba manong'onong'o akuti wadyako panjira.

Lisiti ikanathetsa mlanduwu msanga. Mnyamatayo anapereka 1,000 randi yonse pakauntala, ndipo imeneyo ndiyo yalembedwa pa Total paid. Pa Fee palembedwa 90 randi, malipiro a kampani. Pa Remittance amount patsala 910 randi. Mukachulukitsa 910 ndi 95 mupeza K86,450, ndendende zimene mchemwali wabweretsa. Mnyamatayo sananame, chifukwa m'thumba mwake munatulukadi 1,000 randi. Mchemwali sanabe. Kuti mayi alandire K95,000 yathunthu, mnyamatayo anayenera kupereka 1,000 randi ndi malipiro a kampani pamwamba pake.

Nchifukwa chake munthu wolandira asamangomva chiwerengero pafoni. Afunse kuti, kodi imeneyi ndi imene mwapereka yonse, kapena ndi imene ikubwera kuno? Ndipo pa lisiti ayang'ane mzere umene uli ndi zilembo za MWK, zoimira kwacha ya Malawi. Kawirikawiri umalembedwa kuti Payout amount kapena Amount to receive. Chiwerengero chimenecho ndicho ayenera kuwerengeredwa m'manja. Zilembo za ZAR ndi randi, GBP ndi mapaundi a ku Britain, USD ndi madola a ku America.

Pali kudula kwina kumene sikulembedwa ngati malipiro, ndipo kumeneku ndiko kumandipweteka mtima kwambiri, chifukwa anthu osauka ndiwo sakuona. Kampani imasankha yokha mtengo wosinthira, umene umaoneka pa Exchange rate. Ngati tsiku limenelo mabanki akusinthana randi pa K98, koma lisiti ikuti K95, ndiye kuti pa randi iliyonse patsala K3 m'manja mwa kampani. Pa 910 randi ija ndi K2,730. Kampani yolengeza kuti malipiro ake ndi otsika ikhoza kubweza phindu lake pamtengo wosinthirawu. Wotumiza amene akufuna kudziwa kotchipa afunse funso limodzi m'makampani awiri kapena atatu: ndikapereka 1,000 randi yonse, kwathu alandira makwacha angati? Mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama zoterezi utsike kufika pansi pa 3 peresenti, koma kutumiza ku mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kukadali kokwera mtengo kuposa zigawo zina zonse za dziko lapansi.

Mtengo wosinthirawu sukhazikika. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inafika pafupifupi K1,700. Amene analandira ndalama kusinthaku kusanachitike ndi amene analandira pambuyo pake anapeza makwacha osiyana kwambiri pa randi zofanana. Lisiti ya mwezi watha siingakhale muyeso wa ndalama ya mwezi uno.

Lisiti payokha si ndalama. Chimene chimatsegula ndalama ndi nambala ya kutumizako pamodzi ndi chitupa cha unzika. Ku Western Union nambalayi imatchedwa MTCN ndipo ili ndi manambala 10, pamene ya MoneyGram ili ndi 8. Dzina la pa lisiti liyenera kufanana ndi la pachitupa. Apa ndi pamene ambiri amabwezedwa: wotumiza walemba dzina limene amamuitanira munthuyo pakhomo, kapena la kubanja la mwamuna wake, pomwe chitupa chili ndi dzina la bambo ake. Wapakauntala sangakonze zimenezo. Wokonza ndi wotumiza, kumene anatumizirako.

Akathyali nawonso adziwa kuti mawu achilendowa amaopsa anthu. Amatumiza chithunzi cha lisiti yooneka bwino, cholembedwa Remittance advice, ndi kunena kuti pali ndalama zambiri zimene zagwidwa, mupereke kaye K20,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti zimasulidwe. Remittance advice ndi kalata yongodziwitsa kuti malipiro atumizidwa, ndipo aliyense wodziwa kompyuta akhoza kuipeka. Pa kutumiza kwenikweni, malipiro a kampani amaperekedwa ndi wotumiza, ndipo wolandira sauzidwa kuti atumize kaye ndalama ku nambala ya munthu. Chokhacho chimene mungadulidwe ndi cha kutapa kwa ejenti ngati ndalama yalowa mu foni, kapena cha banki yanu ngati yalowa mu akaunti, momwe imaoneka ngati Inward remittance, kutanthauza ndalama yolowa kuchokera kunja. Mukakayika, imbirani mbale wanuyo pa nambala imene mumaidziwa kale, ndipo nambala ya kutumizako musaiwerengere munthu aliyense pafoni kufikira mutaima pakauntala.