Batani la Market kapena la Limit: kusankha polowera msika ukamathamanga

Pa 6 Meyi 2010 masana, misika ya masheya ku America inagwa mochititsa mantha m'mphindi zochepa chabe. Masheya a kampani ya Accenture, omwe ankagulidwa pafupifupi madola 40, anagulitsidwa pa senti imodzi. Kampaniyo inalibe vuto lililonse. Ogula ndiwo anathawa, ndipo maoda olamula kuti masheya agulitsidwe pa mtengo uliwonse anatsikira pa mitengo yomwe inatsala. Pambuyo pake akuluakulu a misika anafafaniza malonda oposa 20,000 omwe mitengo yake inasiyana ndi yoyamba ndi maperesenti opitirira 60. Omwe analuza mochepera pamenepo anangopirira.

Aliyense wogula masheya kapena ndalama zakunja pa foni amakumana ndi mabatani awiri. La Market limauza msika kuti ugule pompano, mtengo ukhale uliwonse. La Limit limanena mtengo womwe wogula sangapitirire. Loyambalo limatsimikizira kuti malonda achitika koma silitsimikizira mtengo. Lachiwirilo limatsimikizira mtengo koma malonda atha osachitika.

Mtengo womwe umaoneka pa foni ndi wa masheya ochepa okha, omwe ali kutsogolo pa mndandanda wa ogulitsa. Zili ngati milu ya tomato pamsika: wotchipa ukatha, wogula amasunthira pa benchi lina lodulirapo.

Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna masheya 1,000 ndipo foni ikuonetsa madola 50.00. Pa mtengo umenewo pali masheya 100 okha. Ena 200 ali pa 50.10, ndipo 700 ali pa 50.40. Akadina Market, oda yake imasesa onsewo: madola 5,000, kenako 10,020, kenako 35,280. Walipira 50,300 m'malo mwa 50,000 yomwe amayembekezera. Madola 300 apamwambawo ndiko kutsetsereka kwa mtengo, ndipo saoneka pa risiti ngati chindapusa kapena msonkho. Kuti awazindikire, ayenera kufanizira mtengo womwe anauona podina ndi 50.30, womwe ndi mtengo wapakati wa zomwe wagula.

Tsono ngati kampani yomugulira imadula 0.1 peresenti, ndalama imeneyo ndi madola 50 basi. Anthu ambiri amataya nthawi kufunafuna kampani yodula pang'ono, chikhalirecho kutsetsereka kwawadyera kasanu ndi kamodzi kuposa pamenepo. Misika yambiri, makamaka ya ndalama za pa intaneti, imasiyanitsanso malipiro. Oda yomwe yadikira pa mndandanda imalembedwa Maker ndipo kawirikawiri imalipira zochepa. Yomwe yatenga zomwe zinalipo kale imalembedwa Taker ndipo imalipira zambiri. Oda ya Market nthawi zonse ndi Taker.

Nanga mayi uja akanaika Limit pa 50.10? Akanapeza masheya 300 okha, 700 otsalawo n'kumadikira. Mtengo ukanapitirira kukwera, akanatsala m'mbuyo.

Palinso msampha wina womwe oyamba kumene sauona. Munthu akaika Limit pansi pa mtengo wapamsika, tinene pa 49.80, oda yake imadzaza pokhapokha mtengo utatsika kufika pamenepo. Msika ukuthamanga, kutsika kumeneko nthawi zambiri sikuimira pomwepo. Ndiye kuti akalosera bwino sagula kanthu, koma akalakwitsa amagula masheya onse 1,000 mtengo ukugwa. Ndi chifukwa chake kuika mtengo wotsika kwambiri pofuna kutchipitsa si nzeru ngati mmene kumaonekera.

Odziwa ntchitoyi amadutsa pakati. Amaika Limit pamwamba pang'ono pa mtengo wa wogulitsa woyamba, monga 50.15. Oda yotere imagwira nthawi yomweyo ngati ya Market, ndipo imalipiranso ngati Taker, koma ili ndi malire. Pomwe pali batani la IOC, gawo lomwe silinagulidwe limafafanizika pompo, kuti lisadzadzaze mochedwa zinthu zitasintha.

Polowa pamsika, njira imeneyi ndiyo yoyenera, chifukwa palibe chokakamiza munthu kulowa. Akaphonya, ndalama zake zikadali m'thumba. Kutuluka ndi nkhani ina: yemwe wagwira masheya omwe akugwa angafunedi Market, popeza Limit ikhoza kumusiya ali nawo m'manja. Market ndi yabwinonso polowa ngati oda ndi yaing'ono, ogulitsa ndi ambiri, ndipo mtengo wa ogula ndi wa ogulitsa wasiyana ndi senti imodzi kapena awiri.

Kusiyana kumeneko ndiko koyenera kuyang'ana asanadine. Kumakula msika ukangotsegulidwa kumene, komanso ziwerengero za ntchito ku America zikamalengezedwa nthawi ya 8:30 m'mawa ku New York, kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi. Kukakula kuchoka pa senti imodzi kufika pa masenti 20, ogulitsa achepa pa mndandanda, ndipo oda ya masheya 1,000 idzakwera masitepe angapo isanadzaze.