Chifuwa cha m'mawa ndi phuma la pa masitepe

Amene anakulira kumudzi amakumbukira denga la kukhitchini kwa agogo. Udzu unali woyera pofolera, koma patapita zaka zingapo mwaye unkalendewera bii, ndipo ukakhudza phaso dzanja limachoka lili lakuda ndi lonata. Palibe tsiku limodzi limene munthu angaloze kuti denga linada lero. Linkada pang'onopang'ono, moto uliwonse n'kusiyapo kake. M'chifuwa cha munthu wosuta fodya mumachitika zofananazo, koma denga la khitchini amalisasula n'kufoleranso, pamene mapapo alibe udzu wina wosinthira.

Kuno ku Toronto matenda obwera chifukwa cha utsiwu ali ndi pobisala pabwino, ndipo pobisalapo ndi chisanu. Tiyerekeze bambo wa zaka 52 amene amakhala ku Scarborough ndipo amagwira ntchito mosungira katundu ku Mississauga. Anayamba kusuta ali ndi zaka 22 ku Limbe, ndipo amatha ndudu 15 pa tsiku, zambiri atayima pakhonde atavala chijasi. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi amayamba watsokomola kubafa mpaka makhololo atuluke. Mkazi wake akadandaula, yankho ndi lakuti, "Ndi kuzizira kwa kuno uku, amayi, musadandaule." Akatsika sitima pa siteshoni ya Kennedy n'kupeza masitepe oyenda okha atafa, amafika pamapeto a masitepe wamba ali wefuwefu, n'kunamizira kuyang'ana foni kuti mpweya ubwerere. Chipale chikagwa, fosholo amapatsira mwana. Amati ndi ukalamba. Koma chifuwa chija chimakhalapo ngakhale mu Julaye kukutentha, ndipo anzake a msinkhu womwewo osasuta amakwera masitepewo akucheza.

Madokotala amatchula matendawa ndi zilembo zinayi, COPD, kutanthauza kutsekeka kwa njira za mpweya kumene sikutha. Kuti timvetse, tiyambe ndi tsache. Njira zimene mpweya umadutsa popita m'mapapo zili ndi timaubweya tosaoneka ndi maso, tomwe timapalasa usana ndi usiku. Pamwamba pake pamakhala mamina ochepa amene amakola fumbi ndi tizilombo, ndipo timaubweyato timakankhira mamina amenewo kukhosi, ife n'kumeza osadziwa n'komwe. Zili ngati mayi amene amasesa pabwalo mosalekeza, moti zinyalala siziunjikana. Utsi wa fodya umachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Umafooketsa ndi kuthothola timaubweyato, kenako umanyanyula khungu la m'njiramo mpaka liyambe kutulutsa mamina ambiri ndi okhuthala. Zinyalala zachuluka, tsache latha mano. Chotsala n'chiyani? Kukokolola ndi fosholo, ndipo fosholoyo ndi chifuwa.

N'chifukwa chake chimavuta m'mawa. Munthu akagona satsokomola kawirikawiri, ndiye makhololo amadikha usiku wonse. Komanso kwa maola angapo amenewo utsi sulowa, moti timaubweya totsala timatsitsimukako n'kuyamba kukankha zimene zinaunjikana dzulo. Akadzuka, katundu yense ali pakhomo kudikira kutuluka. Ambiri amanena kuti ndudu yoyamba imawatsegula m'chifuwa, koma chimene imachita n'kugonekanso osesa aja. Munthu akamatsokomola makhololo masiku ambiri kwa miyezi itatu pa chaka, zaka ziwiri zotsatizana, madokotala sawerenganso ngati chimfine. Amati njira za mpweya zatupa mokhalitsa.

Chifuwacho chimamveka, koma kuwonongeka kwakukulu kumachitika kumene sikumveka. Njira za mpweya zimagawikana ngati nthambi za mtengo, ndipo kunsonga kuli tinjira tating'ono tosakwana mamilimita awiri. Mu 1968 akatswiri atatu a ku Montreal, James Hogg, Peter Macklem ndi William Thurlbeck, anasonyeza kuti mpweya umatsekeka kwambiri mu tinjira timeneti. Patapita zaka, ofufuza a ku Vancouver amene Hogg ankagwira nawo ntchito anapeza mu 2018 kuti ngakhale kwa anthu amene matenda awo amaoneka ngati ongoyamba kumene, tinjira ta kunsonga pafupifupi 40 pa 100 tilitonse timakhala titatha kale. Tilipo tambirimbiri, ndiye tikamatsekeka tina mpweya umadzera kwina, munthu osamva kanthu. Anankafumbwe amachita chimodzimodzi m'nkhokwe. Kunja nkhokwe imaoneka yodzaza, banja likudya bwino, mpaka tsiku lokatapa pansi n'kupeza ufa wokhawokha.

Kumapeto kwa tinjirato kuli timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ndipo m'menemo ndi mmene mpweya wabwino umalowera m'magazi. Mapapo abwino amafanana ndi chinkhupule chatsopano cha mabowo ang'onoang'ono othinana, komanso amatamuka ngati lasitiki. Utsi ukalowa, thupi limatumiza asilikali ake a m'magazi kukalimbana nawo, ndipo asilikaliwo amathira mankhwala osungunula. Pa nkhondo ya tsiku limodzi zimenezi n'zothandiza. Pa nkhondo ya zaka 30, mankhwalawo amadya makoma a timatumba tomwe. Timabowo khumi timasanduka chibowo chimodzi, malo olowera mpweya m'magazi amachepa, ndipo lasitiki uja amatha mphamvu ngati wa kabudula wakale.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti vuto ndi kukoka mpweya. Vuto lenileni ndi kuutulutsa. Fufumitsani chibaluni n'kuchisiya, mpweya umatuluka wokha. Fufumitsani jumbo ya shuga n'kuisiya, imangokhala tumbii mpaka muifinye. Mapapo owonongeka amakhala ngati jumbo. Munthu akakhala pampando amapuma pang'onopang'ono, nthawi yotulutsa imakwana, ndipo samva vuto. Akayamba kukwera masitepe amapuma mofulumira, mpweya watsopano umalowa wakale usanathe kutuluka, ndipo kupuma kulikonse kumasiya kotsalira. Chifuwa chimadzaza, malo okokera amachepa, munthu n'kubanika pamene mapapo ake ali odzaza ndi mpweya. Ndiye mwina mwaonapo madala ena osuta akupuma atasongola milomo ngati akuuzira phala. Thupi limaphunzira lokha kuti kutero kumathandiza tinjira tofooka kuti tisafwafwanyike potulutsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti moyo wa kuno umathandiza munthu kubisa phuma. Pali chikepe m'nyumba, galimoto pakhomo, ndipo miyezi inayi kapena isanu palibe amene amayenda mtunda. Kwathu munthu akanadziwa msanga, chifukwa khasu ndi njinga ya matumba sizinamiza. Kuno amangochepetsa zochita chaka ndi chaka osazindikira kuti akuzemba phuma. Funso labwino si lakuti "Kodi mumabanika?" koma lakuti "N'chiyani munkachita zaka zitatu zapitazo chimene mwasiya?"

Ife ochokera kwathu tili ndi katundu winanso. Ambiri tinakulira mu utsi wa nkhuni ndi makala, ndipo ena anadwalapo chifuwa chachikulu chimene chimasiya zipsera ngakhale munthu atachira. Zonsezi zimachepetsa nkhokwe fodya asanayambe n'komwe kudya, ndipo dokotala wa kuno sangadziwe mukapanda kumuuza. Utsi wa chamba nawonso umanyanyula njira zomwezo.

Kujambula chifuwa sikuonetsa matendawa akamayamba, ndipo ambiri amanyengeka ndi chithunzi choyera. Choyezera chenicheni ndi makina ouzira, amene pa pepala la dokotala amalembedwa `spirometry`. Amakutsekani mphuno ndi kopanira, mumakoka mpweya wonse, n'kuuzira m'paipi ndi mphamvu zonse mpaka utheretu, katatu kapena kuposa. Kenako amakupatsani mankhwala opopera otsegula njira, mumadikira mphindi pafupifupi 15, n'kubwerezanso. Makinawo amayerekeza mpweya umene watuluka pa sekondi yoyamba, `FEV1`, ndi wonse umene watuluka, `FVC`. Tinene kuti bambo athu a ku Scarborough atulutsa malita 3.8 onse pamodzi, koma pa sekondi yoyamba malita 2.3 okha. Kugawa 2.3 ndi 3.8 kumapereka 0.61. Nambala ikakhala pansi pa 0.70 ngakhale atapopera mankhwala, ndiye kuti njira n'zotsekeka mokhalitsa. Apa ndi pamene matendawa amasiyanirana ndi mphumu, imene nthawi zambiri imatseguka bwino ndi mankhwalawo. Dokotala adzawerenganso fodya amene wasutidwa: ndudu 20 pa tsiku kwa chaka chimodzi ndi muyeso umodzi, choncho ndudu 15 kwa zaka 30 ndi miyeso 22 ndi theka, ndipo imeneyo si yochepa.

Timatumba tosweka sitimeranso, ndipo palibe mankhwala opopera, uchi kapena jinja amene angatibweze. Koma pali chimene kusiya kumachita. Mphamvu ya mapapo imafika pachimake munthu ali ndi zaka za m'ma 20, kenako imatsika pang'ono chaka chilichonse mwa wina aliyense. Charles Fletcher ndi Richard Peto, atatsatira amuna apantchito ku London, analemba mu 1977 kuti mwa osuta ena imatsika mothamanga kwambiri, ndipo akasiya, zotayika sizibwerera koma liwiro la kutsikako limabwerera kufupi ndi la munthu wosasuta. Amene wasiya ali ndi zaka 52 akhoza kufika 70 akuyenda yekha kumsika, pamene akapitiriza akhoza kufikako akukoka botolo la mpweya. Masabata oyamba chifuwa chimatha kuwonjezeka, ndipo ena amabwerera ku fodya poganiza kuti kusiya kwawadwalitsa. Ayi, ndi osesa aja adzuka ndipo apeza bwalo lodzaza.

Si chifuwa chilichonse cha wosuta chimene chili COPD, ndipo zina siziyenera kudikira. Magazi m'makhololo, kuwonda popanda chifukwa, thukuta la usiku kapena mawu osasa kwa masabata angapo zingaloze chifuwa chachikulu kapena khansa. Phuma lobwera ndi kutupa mapazi, kupweteka pachifuwa kapena kubanika pogona chagada lingakhale la mtima. Zimenezi ndi za dokotala sabata yomweyo, ndipo kubanika kwadzidzidzi ndi kwa 911.

Ngati muli ndi zaka zopitirira 40, mumasuta kapena munasutapo, ndipo m'mawa mumayamba ndi makhololo kapena masitepe ayamba kukuimitsani, pitani kwa dokotala wanu mukapemphe makina ouzira aja. Amene ali ndi khadi la OHIP salipira dokotala akalemba. Imbani 811 kuti mulankhule ndi othandiza anthu kusiya fodya, ndipo mufunsenso za pulogalamu ya STOP ya chipatala cha CAMH, imene imapereka zomata ndi chingamu za nikotini kwaulere kwa anthu a mu Ontario. Amayi amene mumamva chifuwacho kubafa m'mawa uliwonse, musavomerenso yankho la chisanu. Aperekezeni bambowo mwezi uno.